Kanema wa zakaati ayambe ndi kumasula amene sakuyenera kupereka

"Asalamu alaikumu, amalume. Ndimaphunzitsa ana pa madrasa kuno ku Luchenza. Achinyamata a pamzikiti andipempha kuti ndijambule kanema wa mphindi zitatu wofotokoza zakaati, woti tizitumizirana pa WhatsApp Ramadhani isanafike. Ndikufuna zitsanzo zoti ngakhale agogo anga amve, koma sindikufuna kuti woonera aone ngati tikumupisa m'thumba kapena kumuopseza. Ndiyambire pati?"

Waalaikumu salaamu, amwalimu. Kalata yanu yandikhudza pachilonda chimene sichinapolebe, choncho mundilole ndidzere kutali pang'ono.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, napolo anatsika m'phiri ndi miyala, mitengo ndi matope. Kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Blantyre, aliyense ali ndi nkhani yake ya sabata imeneyo, ndipo anthu oposa 500,000 anasowa pogona. Azakhali anga amakhala cha ku Muloza. Nyumba yawo inagwa mbali imodzi, chimanga chimene chinali chitangoyamba kukhwima chinakwiririka ndi mchenga, ndipo iwo ndi zidzukulu anakagona m'kalasi pasukulu ina. Pasanathe masabata awiri Ramadhani inalowa. Anthu anayamba kumanga, ndiko kusala kudya, ali pamsasa, daku wake wa m'bandakucha phala lopanda shuga, futali yake ya madzulo chilichonse chimene chapezeka tsikulo.

Azakhaliwa muwadziwe kaye. Pakhomo pawo mwezi wa Ramadhani sipankasowa mlendo wodzafuturu. Akakolola, ankapatula chimanga cha ana amasiye a m'mudzimo asanathire mankhwala chawo, ndipo ankachitumiza ndi mwana mdima utagwa, kuti oyandikana nawo asadziwe nyumba imene chalowa. Kusukulu sanapiteko, koma ankadziwa kuti mwa matumba khumi limodzi si lawo.

Tsiku lina kunabwera gulu la anthu ndi lole ya ufa, mafuta ophikira ndi zidebe. Sindilitchula dzina, ndipo sindikuti anali anthu oipa. Ufawo unali wofunika, ana anadya. Koma asanalandire, amayi anawandandalitsa pamzere, aliyense atanyamula thumba lake pachifuwa, zolemba zitayang'ana kutsogolo. Mnyamata wa kamera anafika pa azakhali n'kuwauza kuti athokoze. Anathokoza, koma chapansipansi. Anawauza kuti abwereze mokweza, ndipo afotokoze kuti akanapanda thandizoli akanafa ndi njala. Anabwereza. Ine ndinali chapatali, ndinaona dzanja lawo likukoka mpango kuti ubise nkhope, mnyamatayo n'kuwapempha mwaulemu ndithu kuti aukweze pang'ono chifukwa nkhope sikuoneka.

Kanemayo anamuikira nyimbo yachisoni, kumapeto kwake nambala ya foni yotumizirako ndalama. Anayenda. Anafika pafoni ya mdzukulu wawo ku Ndirande, anafika kwa apongozi awo kutsidya ku Milanje. Azakhali anatha miyezi osaponda pamsika wa Limbuli. Ulendo wotsatira kutabwera thandizo lina, anakana kukaima pamzere, anati bola adye chinangwa chowuma. Ndimakumbukira izi ndikawerenga ndime 263 ndi 264 za Sura ya Bakara, pamene Kurani ikunena kuti mawu abwino ndi kukhululuka n'zabwino kuposa sadaka yotsatidwa ndi chipongwe, ndiponso kuti tisawononge sadaka zathu pozikumbutsa ndi kukhumudwitsa amene tawapatsa. Kumuuza munthu kuti abwereze kuthokoza pamaso pa kamera ndiko kukumbutsa kumeneko, ndipo kanema amakumbutsa tsiku lililonse limene wina wamutsegula.

Ndiye choyamba ndi ichi, ndipo pamenepa sindigonja: m'kanema wanu musaoneke wolandira. Ngakhale atavomera. Munthu wanjala amavomera chilichonse, ndipo chilolezo chopereka thumba la ufa lili patsogolo si chilolezo. Musaike mwana wa mimba yotupa, musaike gogo pakhonde la nyumba yakugwa. Anthu amaganiza kuti zithunzi zotere zimangovulaza wojambulidwayo, koma ndi zomwezonso zimene zimafinya woonera. Zimamuuza kuti ukapanda kutulutsa ndalama pompano, mwana uyu ali pamutu pako. Akapereka, wapereka chifukwa chothawa chithunzi. Mawa akaona kanema wina wotere amangodumpha, ndipo za zakaati sanaphunzirepo kanthu.

Mbali ina ya nkhaniyi ndinaiona Lachisanu lina titatuluka mu Ijuma ku Chitakale. Mnyamata wa kabaza anandikokera pambali. Anali ataona kanema wa mlaliki wina wakunja, womasuliridwa m'Chichewa, wonena za chilango cha osapereka zakaati, moto ukuyaka pazithunzi. Anandifunsa ngati n'zololedwa kukongola ndalama kuti apereke zakaati ya zaka zonse zimene sanapereke. Ndinamufunsa zimene ali nazo. Njinga yakapalasa imodzi, nyumba ya lendi, mkazi ndi ana awiri, ndipo ndalama imene wapeza lero imatha mawa. Kumunda kwa mkazi wake amakolola matumba anayi chaka chabwino. Ndinamuuza kuti alibe ngongole ya zakaati ngakhale tambala imodzi, ndipo mwina iyeyo ali m'gulu la oyenera kulandira. Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha. Munthu anatsala pang'ono kulowa katapila chifukwa kanema anamuuza za chilango koma sanamuuze za nisaabu, mlingo wa chuma umene munthu amayambira kupereka.

Apa ndiye pagona yankho langa. Chimene chimapanikiza anthu pa nkhani ya zakaati si lamulo lake ayi, koma kusadziwa malire ake. Ambiri amangomva kuti ndi nsanamira yachitatu ya Chisilamu, n'kumayenda ndi mtima wolemera poganiza kuti akulakwa chaka ndi chaka. Pomwe lamulolo lili ndi mpanda woonekeratu: amene chuma chake sichinafike pamlingo wakutiwakuti, umene timautcha nisaabu, sakuyenera kupereka. Kuno kwathu minda ya tiyi inatenga malo aakulu, mabanja akugawana timinda ting'onoting'ono m'mbali mwa esiteti, ndipo oonera anu ambiri ali kunsi kwa mlingowo. Mukayamba ndi kuwauza zimenezi, mwachotsa mantha musanalankhule mawu ofewa aliwonse. Kufewetsa mawu kokha sikuthandiza. Mutha kunena kuti "sitikukukakamizani" kasanu, koma ngati simunanene amene ali womasuka, aliyense aganiza kuti mukunena iye.

Ena adzakuuzani kuti mukubisa choonadi, chifukwa ndime zochenjeza osunga chuma osapereka zilipodi, mu Sura ya Tauba ndime 34 ndi 35. Zilipo, ndipo sindikuti tizifufute. Koma zili ndi eni ake: munthu amene akudziwa, ali nazo, ndipo wakana. Malo ake ndi pa khutuba kapena pokambirana maso ndi maso. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, potumiza wotsatira wake Muazi ku Yemeni anamuuza kuti aphunzitse anthu mwandondomeko. Ayambe ndi umodzi wa Mulungu. Akavomera, awauze za swala zisanu. Akavomera, ndiye awauze za chopereka chimene chimatengedwa kwa olemera awo n'kubwezedwa kwa osauka awo. Ndipo anamuchenjeza kuti asasankhe chuma chawo chapamwamba kwambiri, aope pemphero la woponderezedwa. Taonani kuti chenjezo lapita kwa wotolera. Wojambula kanema ali kumbali ya wotolerayo, choncho chenjezo limeneli ndi lanu ndi ine.

Tsopano chitsanzo. Ndikanakhala inu ndikanatenga chimanga, osati ndalama, chifukwa agogo anu amadziwa kulemera kwa thumba kuposa mmene amadziwira peresenti. Hadisi imanena kuti palibe zakaati pa zokolola zosakwana miyeso isanu yotchedwa wasaki. Umenewu ndi muyeso wa chotengera, osati wa sikelo, n'chifukwa chake mashehe akausandutsa makilogalamu amasiyana pang'ono, koma nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi pafupifupi makilogalamu 650. Ndiye kuti matumba 13 a makilogalamu 50, chimanga chouma ndi chotong'ola kale. Wokolola matumba anayi, asanu ndi atatu, khumi ndi awiri, palibe chimene akuyenera kutulutsa. Chiganizo chimenechi chinenedwe momveka, wolankhula apume pang'ono, anthu achimeze.

Amene wafika pa 13 kapena kupitirira, funso lotsatira ndi lakuti munda wake unamwa madzi ati. Ngati ndi wa mvula, amapatula gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati anathirira movutikira, ndi keni, ndi pampu yopalasa kapena ya injini, monga amachitira kudimba m'chilimwe, amapatula gawo limodzi mwa magawo 20, chifukwa lamulo limawerengera thukuta ndi ndalama zimene zapita pa madzi. Tiyerekeze bambo wa ku Nkando wakolola matumba 20 m'munda wa mvula. Apatula awiri, atsala ndi 18. Mnzake wakolola matumba 20 omwewo kudimba ndi pampu, apatula limodzi. Wachitatu wakolola 15 a mvula, apatula thumba limodzi ndi theka. Pali cholakwika chimene anthu amachita kawirikawiri apa. Amaganiza kuti matumba 13 oyambawo sawerengedwa, n'kuchotsa chakhumi pa otsalawo. Si choncho. Nisaabu ndi khomo lolowera chabe. Ukalowa, chakhumi chimachoka pa zokolola zonse.

Ndipo chimanga sichidikira chaka monga imadikirira zakaati ya ndalama. Sura ya Anaamu ndime 141 imati gawo lake liperekedwe pa tsiku lokolola, ndiye kuti chikauma n'kutong'oledwa, chipatulidwe. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa inu chifukwa cha nthawi imene mukufuna kutulutsa kanemayo. Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino ikugwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhokwe zili zopanda kanthu, anthu akudya maungu ndi kuthamangira ganyu. Mlimi akaona kanema wa zakaati nthawi imeneyi n'kuganiza kuti akuyenera kutulutsa chimanga tsopano, mwamupweteka. Muuzeni kuti za m'munda zidikira kukolola, cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo ngati mvula yavuta n'kusakwana matumba aja, palibe mlandu. Chimene chimagwa mu Ramadhani ndi zakaati ya fitiri, chakudya cholemera makilogalamu awiri ndi theka mpaka atatu pa munthu aliyense wa m'nyumba, choperekedwa swala ya Idi isanachitike, ndi amene ali ndi chotsala pamwamba pa chakudya cha banja lake cha tsikulo. Anthu amasakaniza ziwirizi tsiku ndi tsiku. Muitchule m'chiganizo chimodzi, munene kuti ili ndi kanema wakewake.

Konzekerani funso la feteleza, chifukwa lidzabwera kanemayo asanathe n'komwe. Mlimi adzati: matumba 20 amenewa ndawapeza nditagula feteleza wokwera mtengo, ndalipira aganyu, ndalipira ngolo, bwanji osayamba ndachotsa zimenezo? Funso lake n'lomveka, ndipo ine limandikhudza, chifukwa ndimawaona anthu akugulitsa mbuzi kuti agule thumba limodzi lobereketsa. Chiphunzitso cha Imamu Shafii, chimene Asilamu ambiri kuno timatsata, sichichotsa ndalama zolimira. Alipo ophunzira ena amene amalola kuchotsa ngongole imene munthu anatenga chifukwa cha mundawo. Kanema wa mphindi zitatu sangagamule mlandu umenewu, ndipo asayerekeze. Anene chabe kuti pa nkhani ya feteleza ndi ngongole ophunzira amasiyana, mukafunse shehe wa pamzikiti panu. Munthu akamva kuti funso lake ladziwika ndipo silinanyozedwe, mtima umakhala pansi.

N'chimodzimodzi tiyi, nanazi ndi nthochi. Mlimi wa tiyi wa ku Thyolo adzafuna kudziwa ngati azipatula masamba. Kwa Imamu Shafii zakaati ya m'munda imagwa pa chakudya chodalirika chimene chimasungika, monga chimanga, mpunga ndi mapira. Masamba a tiyi ndi nanazi sizili m'gulu limeneli. Imamu Abu Hanifa anatambasula lamulolo kufikira pafupifupi zonse zolimidwa. Kwa otsata Shafii, tiyi amalowa m'nkhaniyi akasanduka ndalama, ndipo ndalamazo zikafika pa nisaabu n'kukhala chaka chathunthu. Alimi ang'onoang'ono ambiri amalandira za masamba awo n'kuthera pa fizi ndi ufa mwezi usanathe. Amenewonso auzeni kuti ndi omasuka.

Ndipatuke pang'ono, pali china chimene makanema ochokera kunja sangachidziwe. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo munda nthawi zambiri umakhala wa kuchikazi. Makanema ambiri amalankhula ngati zakaati ndi nkhani ya abambo, amayi n'kumangomvera ali kukhitchini. Koma zakaati imagwa pa mwini chumacho. Mayi amene ali ndi bizinesi yake, kapena zosunga zake, amawerengera payekha, mwamuna wakenso payekha. Amene amatsegula thumba m'nyumba zathu, amene amadziwa kuti latsala theka, amene amadziwa nyumba yomwe sinafuke utsi dzulo, ndi amayi. Ngati n'kotheka, chitsanzo chimodzi chikhale cha mayi, ndipo akhale wopereka. Ndatopa kuona amayi athu m'makanema ali otambasula manja basi.

Chitsanzo cha ndalama ndikanachisungira kanema wachiwiri, koma ndichiike pano kuti mukhale nacho. Mayi wogulitsa zitenje pa Limbuli wasankha tsiku limodzi pa kalendala ya mwezi, tinene tsiku loyamba la Ramadhani, kukhala tsiku lake lowerengera chaka chilichonse. Tsikulo apeza K400,000 m'nyumba, K600,000 pafoni ndi kubanki, zitenje zimene pamtengo wa lero zikukwana K900,000, ndi K100,000 imene anakongoza anthu odalirika. Zonse pamodzi K2,000,000. Benchi yake, njinga, nyumba ndi ziwiya siziwerengedwa. Ngati ndalamayi yafika pa nisaabu ndipo chaka chakwana, agawa ndi 40, apeza K50,000. Ndiyo 2.5 peresenti ija, K25 pa K1,000 iliyonse. Pakanema musanene peresenti poyamba. Yalani nyemba 40 pamkeka, chotsanipo imodzi, kamera ikhale pa 39 zotsalazo kwa kanthawi. Diso liona lokha kuti chatsala n'chochuluka bwanji.

Nisaabu ya ndalama imayezedwa ndi golide wolemera magalamu 85 kapena siliva wolemera magalamu 595, ndipo miyeso iwiriyi ikasandutsidwa makwacha imatalikirana kwambiri, wa siliva ndiye wotsika. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musalembe nisaabu m'makwacha mkati mwa kanema. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kanema amene anajambulidwa mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ndi nambala ya makwacha akuyendabe m'mafoni a anthu, ndipo akunamiza aliyense womuona. Nenani magalamu, kenako muti mtengo wa chaka chino mukaumve kumzikiti kapena ku mabungwe oona za zakaati monga Islamic Zakaat Fund. Nambala ya chaka chino mutha kuilemba mu uthenga woperekeza kanemayo, umene mungausinthe chaka chamawa.

Za olandira, Sura ya Tauba ndime 60 imatchula magulu asanu ndi atatu. Musawawerenge onse, nthawi ikutherani. Tchulani amene woonera akuwadziwa pamaso: osauka, osowa, womangidwa ndi ngongole, wapaulendo amene zamuthera. Kenako nenani chinthu chimene ambiri sachidziwa, chakuti zakaati supereka kwa makolo ako, ana ako kapena mkazi wako, chifukwa kuwasamalira ndi udindo wako kale, koma mchemwali wako wamasiye, msuweni, azakhali amene sali pamutu pako, angathe kulandira, ndipo kupatsa m'bale kuli ndi malipiro awiri, a chopereka ndi a kulumikiza chibale. Mfundo imeneyi imamasula anthu ambiri, chifukwa amaganiza kuti zakaati yovomerezeka ndi yokhayo yopita ku ofesi ndi lisiti.

Ndipo kumapeto musaike nambala ya foni. Ndikudziwa kuti achinyamata a pamzikiti adzakuumirizani, adzati mwayi ndi womwewu, denga la mzikiti likudontha. Kanani. Nambala ikangooneka, zonse zimene mwaphunzitsa zimasanduka njira yofikira pa nambalayo, ndipo woonera amadziwa. Komanso ophunzira ambiri amanena kuti zakaati simangira mzikiti, denga limafuna sadaka. Ngati mukufuna kutolera za denga, jambulani kanema wina, munene poyera kuti uyu ndi wopempha. Kupempha si tchimo. Chimene ndimadana nacho ndi kupempha kovala malaya a phunziro.

Kumbukiraninso kuti kanema wa pa WhatsApp sasankha foni. M'mabanja mwathu muno Msilamu ndi Mkhristu amadyera mbale imodzi, ndipo mlamu wanu wa ku Katolika kapena ku CCAP adzamuona. Musanyoze chakhumi cha anzathu, musapikisane nawo. Iwonso ali ndi mawu a pa Mateyu 6 onena kuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo ife tili ndi hadisi yotamanda munthu wopereka mobisa motero. Woonera wotere atuluke akudziwa chimene mnansi wake amachita ndi matumba awiri aja, basi.

Za kajambulidwe

Mphindi zitatu, polankhula modekha, sizinyamula mawu opitirira 300. Lembani, werengani mokweza wotchi ili pambali, dulani. Theka la mphindi yoyamba linene kuti zakaati ndi gawo lodziwika la chuma, loperekedwa ndi amene wafika pamlingo, ndipo sadaka ndi yaufulu, ya aliyense, nthawi iliyonse. Pomwepo bwerani ndi omasuka. Mawu ake atha kukhala otere:

"Ngati mwakolola matumba osakwana 13, zakaati ya chimanga sikukukhudzani. Ngati ndalama zanu zimabwera n'kutha mwezi womwewo, sikukukhudzani. Simunalakwe, ndipo mulibe ngongole kwa Mulungu pa nkhani imeneyi. Onerani kuti mudziwe, mwina chaka china zidzakukhudzani, mwina mudzafotokozera wina."

Mphindi yachiwiri ndi theka la yachitatu zipite ku matumba 20 aja, a mvula ndi a kudimba. Zotsalazo, olandira ndi kumene munthu angakafunse. Mawu akuti "lero lomwe", "musachedwe", "tumizani kwa anthu khumi" asapezekemo. Mawu akuti "inu" agwiritseni ntchito pomasula, koma pofotokoza zopereka nenani za bambo wa ku Nkando uja, kuti woonera aziyang'ana chitsanzo m'malo momva kuti chala chaloza iye.

Musajambule nkhokwe kapena matumba a munthu weniweni. M'mudzi anthu adzazindikira khomolo, ndipo mwamuitanira nsanje, opempha ndi akuba. Tengani zitsononkho 20, munene kuti chilichonse chikuimira thumba, muziyale pamkeka. Kamera iyang'ane pansi, pazioneka manja okha akusuntha ziwiri kupita pambali. Manambala alembeni ndi cholembera chachikulu pa katoni, chifukwa zilembo zing'onozing'ono zoika ndi foni sizioneka pa galasi losweka, ndipo agogo anu maso anayamba kuchita chidima. Foni muiimike choongoka, muitsamiritse pa njerwa kuti isagwedere, kuwala kuchokere kumbuyo kwanu. Mawu ajambuleni padera, m'chipinda, m'mawa kusanayambe phokoso, ndipo osati mvula ikugunda malata. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamveka mwaphokoso amatseka. Nyimbo musaikemo. Potulutsa sankhani `720p`, kuti asadye bandulo ya anthu.

Musanatumize, muonetseni shehe kuti aone manambala ndi ndime, ndipo mumufunse muyeso umene mzikiti wanu umatsata, kuti kanema asasemphane ndi zimene anthu adzamve Lachisanu. Kenako muonetseni anthu atatu payekhapayekha: agogo anu, wa kabaza mmodzi, ndi wamalonda amene zikumuyendera. Musawafunse ngati wakoma, onse adzati wakoma. Afunseni kuti, inuyo mukuyenera kupereka kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani? Kenako, wokolola matumba 30 a mvula apatula angati? Agogo akayankha kuti atatu, chitsanzo chagwira. Wa kabaza akayamba kupepesa kapena kufotokoza mavuto ake, ndiye kuti penapake pakufinyabe, bwererani ku mphindi yoyamba mukawonjezere kumasula. Wamalonda akafunsa kuti nanga za zitenje zanga ndiwerengera bwanji, muuzeni kuti kanema wachiwiri akubwera, ndipo mukamaliza woyambayu munditumizire ndimuone nawo.